Kanema wa nyumba ya lendi amayambira papepala

Munthu wofuna nyumba ya lendi ku Lilongwe amadziwa bwino mtengo wa mawu akuti "bwerani mudzaione nokha". Ngati amakhala ku Eriya 36 ndipo nyumbayo ili ku Eriya 25, ayenera kupempha kuntchito, kukwera minibasi mpaka m'tauni, kukweranso ina, mwinanso kulipira ejenti ndalama yoonera. Akafika n'kupeza kuti bedi lake silingalowe m'chipinda, kapena kuti pabwalo pali banja lina limene sanauzidwe, tsiku ndi ndalama zapita. Kanema wa pafoni akhoza kumupulumutsa ku ulendo wotere, koma pokhapokha ngati kanemayo wayankha mafunso amene munthuyo akanakwerera minibasi. Makanema ambiri amene amayenda pa WhatsApp sayankha mafunso amenewo, chifukwa wojambula anangolowa m'nyumba foni ili m'manja asanaganize chimene akufuna kuonetsa.

Ine ndinaziona zimenezi pa nyumba ya azakhali anga ku Eriya 25, ya zipinda zogona zitatu, ya mumpanda wa njerwa. Matenanti atatuluka, msuweni wanga anajambula kanema wa mphindi zoposa zinayi. Anayambira pabalaza, n'kuzunguliza foni ngati akuthamangitsa udzudzu, kenako chithunzi chinadumphira m'chipinda china, n'kubwerera pabalaza, n'kuthera pa nsapato zake. Anthu amene anaona kanemayo ankaimba foni n'kufunsa zomwezo zimene akanafunsa akanapanda kumuona: khitchini ili mkati kapena panja, galimoto ingalowe pageti, chimbudzi chili mbali iti. Azakhali anatopa nazo. Anandiuza kuti, "Iwe, kanema wa mbale wakoyu wangondionjezera ntchito. Tabwera udzaone chochita."

Tsiku loyamba sindinajambule chilichonse. Ndinapita ndi kope, cholembera ndi tepi yoyezera, ndipo ndinapempha azakhali kuti anditchulire mafunso onse amene anthu anawafunsa pafoni. Mafunsowo ndiwo anakhala maziko a ntchito yonse. Kenako ndinajambula mapu a nyumbayo papepala, mongoyerekeza: mabokosi oimira zipinda, timipata toimira zitseko, ndi muvi wosonyeza kummawa. Pa mapupo ndinalemba mzere umodzi wa njira imene mlendo angayende atafika koyamba, kuchokera pamsewu, kulowa pageti, kukwera pakhonde, pabalaza, kukhitchini, m'kolido, kuzipinda, kubafa, n'kutulukira khomo lakuseri. Mzere umenewu suyenera kudumpha khoma. Woonera kanema alibe mapu. Amamanga nyumbayo m'mutu mwake potsatira kamera, ndipo kamera ikangodumpha kuchoka kukhitchini n'kupezeka m'chipinda chogona, nyumba ya m'mutuyo imagumuka.

Njirayo ndinaiduladula m'zidutswa, zimene ojambula makanema amati mashoti. Chidutswa chilichonse chinapatsidwa mzere wakewake m'kope, ndipo pamzerepo ndinalemba zinthu zochepa: nambala yake, pamene ndiime, kumene kamera iyang'ane ndi mmene iyendere, masekondi ake, ndiponso funso limene chikuyankha. Chidutswa chimene chinalibe funso ndinachifufuta. Maluwa a pakhonde anali okongola, koma palibe amene anaimbapo foni kufunsa za maluwa. Mzere wachisanu, mwachitsanzo, unali wotere: "5. Pabalaza. Ima pangodya ya kumanzere kwa khomo, zenera lili kumbuyo. Tembenuka pang'onopang'ono kupita kumanja, uthere pakhomo la khitchini. Masekondi 10. Funso: sofa ndi tebulo lodyera zikwana?" Zonse pamodzi zinakwana zidutswa 18, masekondi 135, kutanthauza mphindi ziwiri ndi masekondi 15, pafupifupi theka la kanema wa msuweni wanga.

Lamulo limodzi linandithandiza kuposa ena onse: chidutswa chilichonse chithere pakhomo limene chidutswa chotsatira chiyambire. N'chifukwa chake cha pabalaza chinathera pakhomo la khitchini. Chotsatira chinayamba khomo lomwelo likuoneka, kamera n'kulowa nalo. Potuluka kukhitchini kamera inaonetsanso kachigawo ka pabalaza isanakhotere m'kolido. Masekondi a pamakomowa amaoneka ngati otayika, ndipo munthu amafuna kuwadula pofuna kufupikitsa kanema, komatu ndi amene amauza mayi wa ana kuti akamaphika aziona ana ake pabalaza, ndi amene amauza munthu kuti chimbudzi chayang'anana ndi chipinda chachiwiri, osati ndi malo odyera. M'kolido ndinaima kumayambiriro kwake masekondi 7 zitseko zonse zili zotsegula, kuti woonera awerenge yekha makomo anayi ndi kudziwa mmene atsatirana asanalowe m'chipinda chilichonse.

Zidutswa zitatu zoyambirira zinali zapanja, ndipo pa choyamba ndinatsutsana ndi azakhali. Iwo ankafuna kuti kanema ayambire pageti lopakidwa penti. Ine ndinkafuna ayambire pamsewu, umene ndi wafumbi ndipo uli ndi kangalande kokumbidwa ndi madzi a mvula pafupi ndi polowera. "Azakhali," ndinatero, "munthu wa galimoto yotsika akadzafika pano, msewu ndiye adzayambe kuuona. Bola auone ali kwawo." Anavomera monyinyirika. Choncho chidutswa choyamba chinali masekondi 8 a msewu mpaka pageti. Chachiwiri chinali geti lotsegula mbali zonse ndi bwalo, masekondi 10, ndipo tinaimika galimoto pabwalopo kuti malo ake aoneke kukula kwake kwenikweni. Chachitatu chinali nyumba yonse kutsogolo, kamera ili chiimire masekondi 5, denga ndi mawindo zonse zikuoneka.

Apa m'pamene muvi wa kummawa uja unagwira ntchito. Nyumba ya azakhali yayang'ana kummawa, ndiye kutsogolo kwake kumawala bwino cha m'ma 8 koloko mmawa, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Madzulo dzuwa limakhala kuseri kwa denga, ndipo kamera ikayang'anana nalo nyumba imasanduka chimthunzi chakuda. Kwa nyumba zoyang'ana kumpoto kapena kummwera, nyengo ya chaka imalowererapo. Dziko lathu lili kummwera kwa ikweta, choncho m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo khoma lakummwera limakhala mumthunzi tsiku lonse. Cha mu Disembala dzuwa limapendekera pang'ono kummwera. Ndinalemba ola loyenera pambali pa chidutswa chilichonse chapanja. Izi zinatanthauza kuti sindinajambule motsatira manambala: zakutsogolo ndinajambula mmawa, zamkati chakumasana, ndipo bwalo lakuseri ndinalidikira mpaka dzuwa litapendeka. Manambala ndi a polumikiza, osati a pojambula.

Mkati mwa nyumba mdani wamkulu ndi zenera. Kamera ya foni ikaona zenera lowala imadzichepetsera kuwala yokha, chipinda chonse n'kuda bii. Ikachoka pazenera imawalitsanso, ndipo kanema amangothwanima. Njira yoyamba yopewera zimenezi ndi ya papepala pomwepo: sankhani ngodya imene zenera likhale kumbuyo kwanu kapena chambali. Yachiwiri ndi kutseka kuwala musanayambe. Pa iPhone mumadina n'kugwiritsa chala pakhoma lowala mwapakatikati mpaka patuluke mawu akuti AE/AF Lock. Mafoni ambiri a Android nawonso amalola kutseka motero, ndipo amaonetsa kachizindikiro ka loko. Mukalowa m'chipinda china mutsekenso mwatsopano, chifukwa kuwala kwake n'kosiyana. Makatani atsegulidwe, magetsi onse ayatsidwe ngakhale masana, pakuti babu loyaka limauzanso woonera kuti waya wa chipindacho ali bwino. Mukaona timizere tikuyenda pachithunzi pamene mababu ayaka, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi pamene foni ikujambula zithunzi 30 pa sekondi, ndiye ziwirizi sizikugwirizana. Ngati foni yanu ili ndi 25 fps, sankhani imeneyo. Apo ayi, zimitsani babu limene likuvutalo mudalire zenera.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya kabatani kolembedwa 0.5x, chifukwa m'pamene makanema ambiri a nyumba amayambira kunama, nthawi zina mwini wake asakudziwa. Kabatani kameneka kamatsegula diso lina la kamera limene limaona motambalala kwambiri. Chipinda chonse chimalowa m'chithunzi, zoonadi, koma khoma lakutali limaoneka ngati lili kutsidya, ndipo zinthu za m'mbali zimatamuka. Kachipinda kongokwana bedi limodzi kamaoneka ngati kalasi. Munthu amene wakopeka ndi chithunzi chotere amakwera minibasi zake ziwiri, n'kuima pakhomo la chipindacho, n'kudziwa nthawi yomweyo kuti wapusitsidwa; kuchokera pamenepo sakhulupiriranso chilichonse chimene landilodi anganene, ngakhale za madzi. Mukhoza kuzindikira kanema wojambulidwa motero poyang'ana chitseko cha m'mphepete mwa chithunzi: chimaoneka chachikulu m'mimba kuposa mmene zitseko zimakhalira, ndipo matailosi apafupi amakhala otalika kuposa anzake. Ine ndinajambula zonse pa 1x, kupatula m'bafa mokha, mmene munalibe poti n'kubwerera m'mbuyo.

Koma ngakhale pa 1x chipinda chopanda katundu sichinena kukula kwake. Makoma anayi oyera alibe choyerekezera. Apa m'pamene tepi inathandiza. Chipinda chachikulu chinali mamita 3.5 mulifupi ndi mamita 4 mulitali. Ziwiri zinazo zinali 2.7 ndi 3. Bedi la dabulo limatenga pafupifupi mamita 1.4 mulifupi ndi 1.9 mulitali, choncho m'kachipinda ka 2.7 bedi lotere likagunda khoma patsala mita imodzi ndi masentimita 30, malo okwana kudutsa ndi kuika kawadiropu kakang'ono, osati zambiri. Manambalawa ndinawalemba pachithunzi cha chipinda chilichonse, ndipo m'chipinda chilichonse tinaikamo mpando wapulasitiki womwewo, wa mtundu umene aliyense amaudziwa kukula kwake. Pokonza chidutswa cha chipinda ndinkaonetsetsanso kuti zinthu zitatu zalowa: zenera ndi zitsulo zake zotchinga akuba, malo a soketi, ndi chitseko chikutseguka mpaka kumapeto.

Foni ndinaigoneka chopingasa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ena amakonda kuiimika chifukwa kanema woimirira amadzaza foni yonse, koma zipinda n'zotambalala, ndipo foni yoimirira imaonetsa siling'i ndi pansi kwambiri, makoma n'kutsala panja. Chimene chingasankhidwe, chisasinthidwe pakati pa ntchito. Ndinaigwira ndi manja awiri pachifuwa, zigongono zitatsamira nthiti. Ikakwera mpaka pamaso a munthu wamtali imayamba kuyang'ana pansi ndipo makoma amaoneka opendekeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: mafelemu a zitseko akhale oongoka pachithunzi. Potembenuka ndinkawerenga chamumtima mpaka sikisi ndisanamalize kuchoka pakhoma lina kufika pa loyandikana nalo, ndikutembenuza thupi lonse, osati dzanja lokha. Liwiro limeneli limaoneka ngati lochedwa kwambiri pamene mukujambula, koma pakafoni ka woonera, makamaka kanema atafinyidwa potumiza, kutembenuka kwachangu kumasanduka chimbuuzi. Poyenda ndinkapinda mawondo pang'ono, n'kumaponda chidendene kenako zala, monga mmene munthu amayendera atasenza ndowa yodzaza. Kumayambiriro ndi kumapeto kwa chidutswa chilichonse ndinkaima duu masekondi awiri, kuti polumikiza pakhale podula.

Pali zidutswa zina zazifupi zimene zimaposa zonse pa kulemera kwake, ndipo ndi zimene zimafuna kukonzekera tsiku. Chachisanu ndi chinayi chinali mpopi wa pasinki ukutsegulidwa, madzi akutuluka masekondi 5 osadula, kuti mphamvu yake ioneke. Cha 15 chinali shawa ikuthira madzi ndi chimbudzi chikugejemulidwa. Cha 17 chinali mamita: ya magetsi a ESCOM ya mayunitsi, ndi ya madzi. Mwa mafunso amene azakhali ananditchulira, lakuti "mita ndi yogawana kodi?" linabwera kawirikawiri, chifukwa amene anagawanapo bilu ya madzi ndi banja lina amadziwa mikangano yake. Zidutswa zimenezi sizingajambulidwe tsiku limene madzi kapena magetsi palibe, ndiye usiku wake tinagula mayunitsi pang'ono, ndipo mmawa ndisananyamuke ndinaimbira azakhali kuti atsegule mpopi aone.

Chidutswa cha 6 chinali chowawa. Pasiling'i ya pabalaza panali banga lachikasu la madzi, lalikulu ngati mbale, pamene denga linadonthera m'dzinja. Kulibisa kunali kosavuta kwambiri, kungotsitsa foni pang'ono. Tinalipatsa masekondi 4 akeake, ndi mawu onena kuti denga likonzedwa munthu asanalowe. Chimodzimodzinso ndi chomaliza, cha 18: kanyumba kakuseri, kamene ambiri amati boyizikota, mmene mukukhala munthu wina amene amagwiritsa ntchito geti lomwelo. Ndinakajambula chapatali, chitseko chili chotseka, nditayamba ndapempha mwini wake. Pali anthu amene safuna kugawana mpanda ndi aliyense, ndipo ameneyo ndi ufulu wawo. Kanema amene wawabweza ali kunyumba kwawo wagwira ntchito yake mofanana ndi amene wakopa wina.

M'kope momwemo ndinalemba, pansi pa tsamba, zimene siziyenera kulowa m'chithunzi. Kanema akachoka pafoni yanu simudziwa kumene akafike. Nambala ya galimoto tinaiphimba ndi nsalu, manambala a mamita ndinawatchinga ndi kapepala, nambala ya puloti pageti ndinaipewa, makiyi sanasiyidwe pachitseko, ndipo ana a aneba amene anakhamukira kudzaonerera anapemphedwa kuti aime kumbuyo kwanga. Nyumba ikakhala kuti matenanti akadalimo, nkhani imakula: pamafunika chilolezo chawo ndi tsiku logwirizana, ndipo wailesi yakanema yawo, zithunzi za banja ndi katundu wawo wamtengo si zoti dziko lonse lione. Palinso akathyali amene amatenga kanema wa nyumba ya eni n'kumaitsatsa ngati yawo, kuti alandire ndalama kwa anthu osadziwa. Chifukwa cha iwowa ndinaika nambala ya foni yoimbira pachithunzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chapakati pang'ono pamene singadulidwe mosavuta, pamodzi ndi mwezi ndi chaka chimene tinajambulira.

Mawu sindinalankhule pojambula. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu ngati mgolo, panja pali mphepo ndi atambala, ndipo munthu amene akuyenda, kugwira foni ndi kulankhula nthawi imodzi amalakwitsa zonse zitatu. Ndinalemba chiganizo chimodzi pa chidutswa chilichonse, n'kuwerenga pambuyo pake m'chipinda cha makatani ndi matiresi kwathu. Mawuwo ananena zokhazo zimene diso silingaone: lendi ya pamwezi, miyezi yolipiriratu, tsiku limene munthu angalowe, mtunda wa kukafika pa siteji ya minibasi poyenda pansi. Sindinanene kuti nyumbayo ndi yokongola kapena kuti pabalaza ndi potakasuka. Woonera ali ndi maso, ndipo manambala alipo. Kulumikiza zidutswa ndinachita pafoni pomwepo ndi CapCut, motsatira manambala a m'kope, popanda nyimbo, kuti phokoso la madzi a pampopi limveke.

Ndinajambula pa 1080p, osati 4K, chifukwa woonera akulipira bandulo. Ngakhale pa 1080p mphindi imodzi imatha kulemera mamegabaiti 60 kufika kupitirira 100, malinga ndi foni. WhatsApp imafinya kanema potumiza, ndipo zimenezo zimachepetsa kulemera koma zimadyanso timalemba tating'ono. Ikatumizidwa ngati Document imafika yosafinyidwa koma yolemera. Choncho ndisanapatse azakhali ndinatumiza kanemayo mwa njira wamba pafoni yakale ya mnzanga amene sanafikepo kunyumbako, n'kumupempha kuti ajambule mapu a nyumbayo papepala atangoonera kamodzi. Anaika zonse m'malo mwake kupatula khomo lakuseri, limene analiika m'kolido pamene lili kukhitchini. Ndinabwerera m'kope n'kupeza chifukwa: chidutswa cha 16 chinayambira pabwalo, khomo lisanaoneke. Ndinapitanso mawa lake kukachijambula kuyambira pasinki, kudutsa pakhomo, mpaka pazingwe zoyanikira zovala. Ndinakulitsanso malemba a miyeso ya zipinda, amene pafoni yakeyo sankawerengeka.

Patapita masabata awiri mmisiri anasintha lata limene linkadontha n'kupaka penti siling'i. Azakhali anandiimbira madzulo ake. "Ndiye kuti uyambirenso kanema yense?" anafunsa. "Iyayi, azakhali, nambala 6 yokha," ndinawayankha. Loweruka ndinapita ndi kope lija, n'kuima pangodya yomwe ija ya kumanzere kwa khomo, zenera lili kumbuyo, n'kukweza foni kuloza pasiling'i masekondi anayi.